Ndani Akudya Ndalama Zanu Zotsatsira Malonda pa Google?

Munthu akamatsatsa malonda pa wailesi kapena m'nyuzipepala amalipira malo basi, ndipo sadziwa kuti uthenga wake wamvedwa ndi yani. Pa Google zinthu zimayenda mwina. Wotsatsa amasankha mawu amene akuganiza kuti makasitomala ake amalemba akamafufuza katundu, ndipo kauthenga kake kamaonekera pamwamba pa zotsatira za kufufuzako. Kuonekerako salipira. Amalipira munthu akadina kauthengako n'kulowa pa webusayiti yake. Ntchito ya Google yotsatsira malondayi idayamba mu 2000 ndi dzina loti AdWords, ndipo mu 2018 idasintha dzina kukhala Google Ads.

Pomva koyamba zimaoneka ngati palibe ndalama ingatayike, poti ukulipira okhawo amene achita chidwi. Koma mawu amene iwe udasankha ndi mawu amene munthu walemba pa foni yake si chinthu chimodzi. Pakati pa ziwirizi pali makina a Google amene amaweruza okha kuti zolemba za munthuyo zikufanana mokwanira ndi mawu ako. Akaweruza molakwa, wodinayo amachoka osagula kanthu, koma ndalama yako yapita. Kwa wamalonda wa ku Malawi ululu wake ndi wowirikiza, chifukwa nthawi zambiri malipirowa amatuluka m'madola, ndipo aliyense amene wayesako kupeza ndalama zakunja ku banki m'zaka zino akudziwa mmene zikuvutira.

Muli lipoti limodzi mu akaunti ya Google Ads limene limaulula zonsezi. Pa sikirini limalembedwa kuti `Search terms`, ndipo limapezeka pansi pa `Insights and reports`. Limaonetsa mawu enieni amene anthu adalemba asanadine uthenga wanu, kuti adadina kangati, zidakudyerani ndalama zingati, komanso angati mwa iwo adachita chimene inu mumafuna, monga kuimba foni kapena kudzaza fomu. Ineyo ndimaona kuti munthu amene amalipira Google mwezi ndi mwezi koma sadatsegulepo lipotili sakudziwa chimene akugula.

Tiyerekeze kuti ku Lilongwe kuli kampani yaing'ono yoika magetsi a sola m'nyumba za anthu. Manambala amene akubwerawa ndi oyerekezera, ndawaika kuti tione kawerengedwe kake. Mwini kampaniyo adasankha mawu atatu, `solar system`, `solar installation` ndi `solar panels`, ndipo adawalemba opanda chizindikiro chilichonse. Mawu olembedwa chonchi Google imawatenga ngati `Broad match`, kutanthauza kuti mwaipatsa ufulu woonetsa uthenga wanu kwa aliyense amene zolemba zake zikukhudzana ndi mutuwo, ngakhale mawu anuwo mulibemo. Pali njira zina ziwiri zothina. Mawu otsekeredwa m'zizindikiro za mawu ogwidwa amakhala `Phrase match`, ndipo otsekeredwa m'mabulaketi a makona amakhala `Exact match`. Komabe ngakhale yothina kwambiriyo masiku ano imalola mawu ena amene Google ikuona kuti tanthauzo lake ndi lomwelo.

Mwezi utatha, kampaniyo yalipira madola 300. Anthu adina ka 600, kutanthauza masenti 50 pa kudina kulikonse, ndipo gawo la `Conversions` likuonetsa 24, omwe ndi anthu amene adaimba foni kapena kutumiza uthenga. Munthu mmodzi wofunsa wadya madola 12.50. Mwini wake akayang'ana manambala amenewa okha akhoza kukhutira n'kutseka kompyuta.

Potsegula lipoti lija, choyamba n'kusankha nthawi yokwanira. Masiku awiri kapena atatu sauza kanthu. Mwezi wathunthu ndiye pabwino kuyambira. Chachiwiri n'kudina mutu wa gawo la `Cost` kuti mizere isanjike kuyambira yodya ndalama zambiri. Anthu ambiri amawerenga lipotili mmene labwerera, n'kutha ola lonse akudabwa ndi zolemba zachilendo zimene zidadinidwa kamodzi kokha, pomwe mzere umene wadya madola 20 uli pansi sadaufikire. Ndi bwinonso kuonjezera gawo la `Keyword`, limene limaonetsa kuti ndi mawu anu ati amene adakoka munthu aliyense. Mukatero, mudzaona zinthu ngati izi:

```
solar installation jobs in malawi
solar panel price in malawi
solar system planets in order
solar technician vacancies lilongwe
how to install solar panels pdf
5kva solar system price lilongwe
```

Mzere uliwonse pamenepa ndi munthu, ndipo funso loyenera kufunsa ndi limodzi: pamene ankalemba zimenezi, ankafuna chiyani? Woyamba ndi wachinayi akusaka ntchito. Wachitatu mwina ndi mwana wa sukulu amene wapatsidwa ntchito yokachitira kunyumba yokhudza dzuwa ndi mapulaneti, pakuti m'Chingerezi mawu oti `solar system` amatchula zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Wachisanu akufuna kudziikira yekha. Womaliza ndiye kasitomala weniweni: akudziwa kukula kwa makina amene akufuna, watchula mzinda, ndipo akufunsa mtengo. Wachiwiri timusunge kaye, tibwereranso kwa iye.

Tsopano apa ndi pamene pagona luso. Ndalama zotayika kawirikawiri sizikhala pa mzere umodzi waukulu. Zimamwazika m'timizere tambirimbiri, kena kadya masenti 40, kena dola imodzi, ndipo palibe kamodzi kamene kangakudzidzimutseni. Anthu osaka ntchito salemba zofanana. Wina alemba za ntchito ya uinjiniya, wina za kuyendetsa galimoto ya kampani ya sola, wina akufunsa za malipiro. Chimene chimawagwirizanitsa ndi liwu limodzi kapena awiri obwerezabwereza. Choncho lipotili muziliwerenga potsata liwu, osati chiganizo. Pamwamba pake pali posefera. Lembanipo `job` ndipo mutsala ndi mizere yonse yokhala ndi liwuli, pansi pake pali chiwonkhetso cha ndalama. Amene amazolowera Excel akhoza kutsitsa lipoti lonse n'kumawerengera momwemo.

Kampani yathu ija itasefa chonchi yapeza kuti osaka ntchito adadina ka 70 n'kudya madola 31. Ofufuza za mapulaneti ndi kadamsana adadina ka 44, madola 15. Ofuna maphunziro, mabuku aulere ndi malangizo odziikira okha adadina ka 50, madola 20. Zonse pamodzi ndi madola 66, omwe ndi 22 pa 100 iliyonse ya ndalama za mweziwo.

Pali china chimene chimabisala kwambiri kuposa pamenepa. Pa mizere ya osaka ntchito pakuoneka kuti anthu atatu adaimba foni, ndipo Google yawawerengera m'gulu la 24 aja. Makina sadziwa chimene chidakambidwa pa foniyo. Amene amadziwa ndi mtsikana kapena mnyamata wolandira mafoni mu ofesi, amene mukamufunsa adzakuuzani kuti mwezi uno anthu akhala akuimba kufunsa ngati mukulemba antchito. Ndiye kuti ofunsa enieni ndi 21, ndipo aliyense wadya madola opitirira pang'ono 14, osati 12.50. Choopsa china n'chakuti ngati mudalola Google kuti izidziikira yokha mitengo pofuna kuchulukitsa oimba foni, imaphunzira kuti osaka ntchito amaimba, n'kuyamba kukusakirani ambiri otero. N'chifukwa chake lipotili silikwanira kuliwerenga uli wekha pa kompyuta. Pamafunika kukhala pansi ndi munthu amene amalankhula ndi makasitomala.

Mankhwala a vutoli ndi mawu otsekera, amene pa sikirini amalembedwa kuti `Negative keywords`. Awa ndi mawu amene mumauza Google kuti munthu akawalemba, uthenga wanu usaonekere. M'lipoti momwemo mukhoza kuchonga mzere n'kudina `Add as negative keyword`. Koma samalani apa, chifukwa Google imakubweretserani chiganizo chonsecho chili m'mabulaketi a makona, ndipo mukangovomereza mwatsekera chiganizo chimenecho chokha, ndendende mmene chidalembedwera. Mawa wina akasintha liwu limodzi adutsa. Google yokha idanenapo kuti pafupifupi 15 pa 100 iliyonse ya zimene anthu amafufuza pa tsiku zimakhala zoti sizidalembedwepo ndi kale lonse, ndiye kutsekera chiganizo chimodzichimodzi ndi ntchito yosatha. Fufutani mabulaketiwo ndi mawu ena onse, musiye liwu lokhalo limene likusonyeza kuti munthuyu si wanu.

Mawu otsekera alinso ndi mitundu itatu, ndipo ndi bwino kuiona pafupi:

```
solar jobs
"solar jobs"
[solar jobs]
```

Woyambawo umatsekera chilichonse chimene muli mawu onse awiri, kaya atsogola ndi ati, kotero `jobs in solar companies` sadutsa. Koma ngati muli liwu limodzi lokha mwa awiriwo, munthuyo adutsa. Wachiwiri umafuna kuti mawuwo atsatane monga mwawalembera, choncho `solar jobs lilongwe` atsekeredwa koma `jobs in solar companies` adutsa. Wachitatu umagwira munthu amene walemba mawu awiriwo basi, popanda choonjezera. Kwa kampani yathuyi zonse zitatu n'zoperewera. Chofunika ndi liwu limodzi, `jobs`, pakuti palibe wogula sola amene angalilembe.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti Google imamasuka posankha oti iwaonetse uthenga wanu, koma imaumira pa zilembo potsekera. Mukatsekera `jobs`, wolemba `job` adutsabe, ndipo wolemba `vacancy` ndiye sakhudzidwa n'komwe. Mu 2024 Google idalengeza kuti mawu otsekera ayamba kugwiranso amene alakwitsa kalembedwe, zomwe zidachepetsa ntchito, koma kusiyana kwa chimodzi ndi zambiri komanso mawu ena a tanthauzo lofanana muyenera kulemba nokha. Ndiye gulu la osaka ntchito lokha lifuna mndandanda wotere:

```
job
jobs
vacancy
vacancies
salary
internship
ntchito
```

Liwu lomalizalo ndaliikapo dala. Anthu kwathu kuno amasakaniza zilankhulo polemba pa foni, ndipo mindandanda ya mawu otsekera imene anthu amakopera kwa otsatsa a ku America kapena ku Ulaya siziwa zimenezi. Mndandanda wabwino umachokera m'lipoti lanu lomwe.

Ntchitoyi ili ngati kupeta mpunga: ukapeta mwamphamvu kwambiri, mankhusu amapita limodzi ndi mpunga womwe. Taonani gulu la mapulaneti lija. Munthu wopsa mtima ndi madola 15 aja akhoza kutsekera `solar system` yense, n'kutaya kasitomala uja wa makina a 5kVA, amene mwina akadalipira ndalama zoposa bajeti ya chaka chonse yotsatsira. Oyenera kutsekeredwa ndi `planet`, `planets`, `eclipse` ndi `kids`. Liwu loti `free` nalonso limakopa dzanja, koma amene walemba `free solar quotation lilongwe` akufuna kuti mukamuyezere nyumba n'kumuuza mtengo, ndipo ameneyo ndi wogula. Pamenepa ndi pamene mtundu wachiwiri uja umathandiza: tsekerani `"free training"` ndi `"free download"`, liwu loti `free` palokha mulisiye. Lamulo limene ine ndimatsata ndi lakuti liwu lililonse ndisanalitsekere ndimalisefa m'lipoti la miyezi itatu kapena kuposerapo, n'kuona ngati lidabweretsapo wogula. Likakhala kuti lidabweretsapo, ndimafunafuna liwu lina loyandikana nalo limene likusiyanitsa wogula ndi wongodutsa.

Mayina a malo amafunanso kuwaganizira kawiri. `lusaka` kapena `harare` akaoneka m'lipoti la kampani imene imagwira ntchito ku Lilongwe kokha, atsekereni. Koma munthu amene ali ku Joni n'kulemba `solar installation dedza` mwina akufuna kuikira mayi ake magetsi kumudzi, ndipo ndalama ali nazo m'manja. Chimene chikuuzani zoona ndi malo amene watchula, osati kumene wakhala.

Tibwerere kwa munthu wachiwiri uja, wolemba `solar panel price in malawi`. Mzere wake wadinidwa ka 25, wadya madola 14, ndipo palibe adaimba foni. Pa mndandanda wosanjidwa potsata ndalama uli pamwamba penipeni, ndipo ukuoneka ngati ndiwo wakuba wamkulu. Komatu uyu ndi wosiyana ndi osaka ntchito. Amene tanthauzo la mawu awo likuonetseratu kuti si ogula mukhoza kuwatsekera ngakhale adina kamodzi kokha, simufunika umboni wina. Koma amene mawu awo ndi a wogula, kungoti sadagulebe, amafuna masamu pang'ono.

Tikachotsa anthu 164 osayenera aja, patsala kudina 436 kumene kudabweretsa ofunsa 21, pafupifupi mmodzi pa anthu 20 alionse. Izi sizitanthauza kuti pa anthu 20 otsatizana pamakhala mmodzi nthawi zonse. Mwayi woti munthu mmodzi asaimbe ndi 0.95, ndipo kuti mudziwe mwayi woti anthu 25 otsatizana onse asaimbe mumachulukitsa nambalayi ka 25:

```
0.95^25 = 0.28
0.95^60 = 0.05
```

Ndiye kuti mawu abwinobwino, ogulitsa mofanana ndi ena onse, akhoza kudinidwa ka 25 popanda woimba, ndipo zimenezi zimachitika koposa kamodzi pa maulendo anayi. Mukafika pa kudina 60 popanda kanthu, mwayi woti zangochitika watsika kufika kamodzi pa maulendo 20, ndipo apo mukhoza kuyamba kukayikira. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amadikira kuti mawu otere adye kawiri kapena katatu ndalama zimene wofunsa mmodzi amadya asanaweruze. Kwa kampaniyi ndiye kuti madola 30 mpaka 40, osati 14.

Ngakhale atafika pamenepo, kutsekera sindiko kuyenera kukhala koyamba. Tengani foni, tsegulani tsamba limene munthuyo amafikira akadina, muliwerenge ndi maso a munthu amene wafunsa mtengo. Ngati patsambapo pali zithunzi za madenga ndi mbiri ya kampani koma palibe mtengo ngakhale woyambira, munthuyo sadalakwe pochoka. Ngati tsambalo likuchedwa kutseguka, amene bandulo yake ili pafupi kutha sadikira. Vuto lotere lili kwa inu, ndipo mukatsekera mawuwo mwangobisa chizindikiro chake. Pokhapokha ngati kampaniyo sigulitsa mapanelo paokha, imangoika makina athunthu, ndiye kuti ofunsa mtengo wa panelo limodzi si ake, ndipo mawu oyenera kuchotsedwa ndi `solar panels` amene idasankha yokha aja. Gawo la `Keyword` likakuonetsani kuti zinyalala zambiri zikulowera pa mawu anu amodzi, ndi bwino kuwathinitsa kapena kuwaimitsa kusiyana n'kumatsekera zotuluka zake sabata ndi sabata.

Za koika mawu otsekerawo sizifuna nkhani yaitali. Amene sayenera paliponse, monga a osaka ntchito, aikeni mu mndandanda umodzi wa `Negative keyword lists` n'kuulumikiza ku makampeni onse, kuti mukaonjezera liwu ligwire ntchito ponseponse. Mndandanda umodzi umatenga mawu mpaka 5,000, omwe bizinesi yaing'ono singawamalize. Amene akuvuta pa kampeni imodzi yokha aikeni pomwepo. Kampani ikadzatsegula kampeni yosaka amisiri, izikumbukira kusalumikiza mndandanda uja kumeneko.

Lipotili lili ndi malire amene muyenera kuwadziwa. Kuyambira mu Seputembala 2020, Google idasiya kuonetsa zolemba zimene zafufuzidwa ndi anthu ochepa, ponena kuti ikuteteza chinsinsi cha ofufuza. Zimenezi zimaunjikidwa pa mzere umodzi pansi pa lipoti, wa `Other search terms`, umene umaonetsa ndalama koma osati mawu. Kwa kampani yathuyi tinene kuti mzerewu uli ndi madola 90 mwa 300 aja. M'dziko limene ofufuza pa intaneti ndi ochepa, gawo lobisikali likhoza kukhala lalikulu ndithu. Simungaliwerenge, koma mawu otsekera amagwirabe ntchito mmenemo, ndipo ichi ndi chifukwa china chotsekera liwu m'malo mwa chiganizo: `jobs` amagwira ndi osaka ntchito amene simudawaonepo.

Mukamaliza kutsekera, lembani tsiku limene mwachita zimenezi, ndipo pakatha sabata imodzi kapena awiri yerekezani manambala. Kuonekera kwa uthenga ndi kudina zikatsika pang'ono koma ofunsa enieni osatsika, mwachita bwino. Zikagwa mwadzidzidzi, mafoni n'kuti zii, ndiye kuti liwu lina latsekera ogula. `Change history` idzakuonetsani chimene mudasintha ndi tsiku lake, ndipo chida cha `Ad preview and diagnosis` chimakulolani kulemba mawu amene kasitomala angalembe n'kuona ngati uthenga wanu ukutuluka. Ukapanda kutuluka chifukwa cha liwu lotsekera, chimanena. Kampeni ikakhala yatsopano lipotili muziliona kawiri pa sabata, chifukwa ndi nthawi imene zachilendo zimalowa zambiri. Ikakhazikika, kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira.

Nanga madola 66 aja apita kuti? Sabwerera m'thumba ngati bajeti ya tsiku imatha tsiku lililonse. Google idzawagwiritsa ntchito pa anthu ena. Anthu oyenera amadula pang'ono, pafupifupi masenti 54 pa kudina, choncho ndalamazo zigula kudina pafupifupi 120, kumene pa mlingo wa mmodzi pa 20 kubweretsa ofunsa 6. Ofunsa enieni achoka pa 21 kufika pa 27, ndipo mtengo wa mmodzi utsika kuchoka pa madola 14 kufika pa 11. Izi zimatheka ngati ku Lilongwe kuli anthu okwanira ofufuza za sola amene kale sankaona uthengawo chifukwa bajeti inkatha msanga. Ngati kulibe, ofunsa akhalabe 21, koma kampaniyo idzalipira madola 234 m'malo mwa 300.